Mphoto Zokwera ndi Zotsika: Sikelo ya Lotale Iyikidwe Poyera ku Chama

Mlimi wa mpunga wa kwa Kambombo kapena kwa Tembwe sangalole kuti wogula ayeze thumba lake kuseri kwa galimoto. Amaima pomwepo, maso ali pa sikelo, ndipo muvi ukagwedezeka mokayikitsa amauza wogulayo kuti ayezenso. Mlimi wa thonje wa kwa Chikwa amadziwa kuti mtengo wolengezedwa pa wailesi ndi wa thonje loyera bwino, ndipo asanasangalale amayamba wafunsa kuti thonje lakelo aliika m'gulu liti. Anthu a m'boma la Chama anaphunzira kalekale kuti mtengo wa pakamwa ndi wina, ndalama zolowa m'thumba ndi zina.

Koma pali msika umodzi womwe anthu omwewa amalowamo osaona sikelo. Msikawo ndi wa lotale, wa jakipoti za mpira ndi wa masewero ena a manambala. Kale munthu ankayenera kufika m'tauni kuti agule tikiti. Lero foni ya m'manja ndi ndalama za pa foni zafikitsa msikawo pakhonde, ngakhale kumidzi ya m'chigwa cha Luangwa komwe msewu umavuta nthawi ya dzinja. Wogulitsa amalengeza zinthu ziwiri zokha: kukula kwa mphoto ya pamwamba, ndi lonjezo lakuti opambana ndi ambiri. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona. Komabe munthu amene wamva ziwirizi zokha sanamve chilichonse chomuthandiza kudziwa zimene akugula.

Chimene chikubisidwa ndi kagawidwe ka mphoto. Lotale iliyonse ili ndi magawo, ngati makwerero: wolondola manambala onse ali pamwamba, wophonya imodzi ali pansi pake, wophonya ziwiri pansinso, mpaka kufika pa gawo lotsiriza. Mwini masewero ndi amene amasankha kuti magawo akhale angati ndiponso kuti gawo lililonse lidye ndalama zingati. Chosankha chimenechi ndicho chimalamula zonse, ndipo boma la Zambia liyenera kukakamiza aliyense wogulitsa matikiti kuti achionetse poyera, m'chilankhulo chimene wogula amamva.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kutsata chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Mtundu wa lotale wodziwika kwambiri padziko lapansi ndi wosankha manambala 6 mwa 49. Njira zosankhira manambala asanu ndi imodziwo zilipo 13,983,816, ndipo chiwerengerochi sichisintha kaya masewero achitikira ku Lusaka, ku Lilongwe kapena kutsidya la nyanja. Mwa njira zonsezo, imodzi yokha ndiyo imalondola manambala onse. Njira 258 zimalondola asanu, 13,545 zimalondola anayi, ndipo 246,820 zimalondola atatu. Awa ndi masamu chabe, ndipo mphunzitsi aliyense wa masamu pa sekondale ya ku Chama akhoza kuwatsimikiza pa bolodi.

Mitengo yotsatirayi ndi yongoyerekezera, si ya kampani ina iliyonse. Tikiti ikhale ya K10. Njira zonse zija zitagulidwa kamodzikamodzi, mwini masewero angatolere ndalama pafupifupi K140 miliyoni. Iye walonjeza kubweza theka ngati mphoto, ndiye kuti K70 miliyoni. Theka linalo likupita ku misonkho, kwa ogulitsa, ku zotsatsa ndi ku phindu lake.

Tsono agawe K70 miliyoniyo. Wolondola onse alandire K35 miliyoni. Wolondola asanu alandire K20,000, ndipo poti ali 258, gawo lawo lidya K5 miliyoni ndi pang'ono. Wolondola anayi alandire K1,000, gawo lawo lidya K13.5 miliyoni. Wolondola atatu alandire K65, gawo lawo lidya K16 miliyoni. Pamenepo ndalama za mphoto zatha. Mwayi wopata kanthu kalikonse m'masewero otere ndi tikiti imodzi mwa 54.

Mwini masewero angathe kuima pamsonkhano n'kunena kuti pa K100 iliyonse amabweza K50, ndipo sananame. Koma K50 imeneyo ikayalidwa pamphasa, K25 ili mu jakipoti, K4 ili kwa olondola asanu, K10 kwa olondola anayi, ndipo K11 yotsala ndi ya olondola atatu. Funso lofunika ndi lakuti: mwa milu inayiyi, ndi iti imene munthu wamba angaifikire?

Munthu wogula tikiti imodzi sabata iliyonse amawononga K520 pa chaka. Manambala atatu amalondoleka kamodzi pa matikiti 57, choncho angayembekezere K65 yake kamodzi pa chaka, ndipo mwa ogula 100 otere, pafupifupi 38 adzatha chaka chathunthu osapata ngakhale ngwee imodzi. Manambala anayi amabwera kamodzi pa matikiti 1,032, ndiye kuti kamodzi pa zaka 20. Manambala asanu amabwera kamodzi pa zaka zoposa 1,000. Jakipoti imabwera kamodzi pa zaka pafupifupi 269,000. Milu iwiri ya pamwamba, yomwe yatenga K29 pa K50 ija, ili kutali koti moyo wa munthu sungafikeko. Chimene chimabwerera kwa wogula wamba, ngakhale atasewera kuyambira unyamata mpaka ukalamba, ndi K21 pa K100 iliyonse. Kwa ambiri, pa chaka chimodzi, ndi K12.50 kapena osapata kanthu n'komwe.

Apa ndiye pali phunziro loyamba. Chiwerengero cha ndalama zobwerera kwa osewera chimaphatikiza munthu mmodzi wolemera mwadzidzidzi ndi anthu mamiliyoni otaya. Chikufanana ndi kunena kuti m'mudzi wa mabanja 100 banja lililonse lili ndi ng'ombe ziwiri, pomwe ng'ombe zonse 200 zili m'khola la munthu mmodzi.

Nkhaniyi imaoneka bwino ikayezedwa pa boma lonse. Tiyerekeze kuti anthu 10,000 a ku Chama akugula tikiti imodzi ya K10 sabata iliyonse. Pa chaka, ndalama zotuluka m'bomali ndi K5.2 miliyoni, pa matikiti 520,000. Pa matikiti amenewa, olondola atatu angakhale pafupifupi 9,200, olondola anayi pafupifupi 500, olondola asanu 9 kapena 10. Mphoto zawo zonse pamodzi zingakwane K1.3 miliyoni. Jakipoti ingagwere ku Chama kamodzi pa zaka 27. M'zaka zina zonse 26, pa K4 iliyonse yotuluka m'bomali, K1 yokha ndiyo imabwerera. Ndalama zotsalazo ndi za mpunga ndi thonje zimene zikanazungulira m'zigayo, m'magolosale ndi m'masukulu a pa Chama pomwepo. Lotale yokhala ndi jakipoti yaikulu imakoka ndalama kuchokera kumalo a anthu ochepa kupita komwe kuli anthu ambiri, chifukwa mphoto yaikulu imagwera kawirikawiri komwe kwagulidwa matikiti ochuluka.

Phunziro lachiwiri ndi lobisika kwambiri, ndipo ndilo liyenera kudetsa nkhawa akuluakulu oyang'anira malonda.

Mwini masewero uja waona kuti anthu akugwa ulesi, chifukwa kupata kamodzi pa matikiti 54 kumafooketsa. Sakufuna kuwonjezera ndalama za mphoto, ndipo sakufuna kuchepetsa jakipoti, poti ndiyo nyambo yake. Njira yake ndi kuwonjezera gawo latsopano pansi pa makwerero: aliyense wolondola manambala awiri abwezeredwe K10 yake. Njira zolondola awiri zilipo 1,851,150, choncho gawo latsopanoli lifuna K18.5 miliyoni. Ndalamazi azitenga pakati. Mphoto ya anayi itsike kuchoka pa K1,000 kufika pa K300. Mphoto ya atatu itsike kuchoka pa K65 kufika pa K30. Jakipoti ikhalabe K35 miliyoni, ya asanu ikhalabe K20,000, ndipo zonse pamodzi zikadali K70 miliyoni monga kale.

Palibe ngwee imene yawonjezeka kwa osewera. Koma tsopano chikwangwani chikhoza kulengeza kuti tikiti imodzi mwa 7 iliyonse imapambana, pomwe dzulo inali imodzi mwa 54. Wogula wa sabata ndi sabata uja alandira uthenga wa chikondwerero pa foni yake pafupifupi kasanu ndi katatu pa chaka. Mwa opambana 100 aliwonse, 88 angobwezeredwa ndalama yawo yomwe. Mwayi wopeza ndalama yoposa mtengo wa tikiti ukadali umodzi mwa 54, ndipo ikabwera mphotoyo yachepa kuposa theka. Wosewera akumva ngati zinthu zayamba kumuyendera, pomwe kwenikweni amuchotsera mphoto zomwe zikanamugulira kanthu, K1,000 ya fetereza kapena ya yunifolomu ya mwana, n'kumupatsa tizidutswa.

Ndipo tizidutswato sitituluka m'masewero. Munthu wobwezeredwa K10 pa foni sayenda ulendo kukaitapa. Amagulanso tikiti ina nthawi yomweyo, ndipo K10 ija imadulidwanso theka. Eni masewero amadziwa zimenezi bwino lomwe, n'chifukwa chake ena sabweza n'komwe ndalama, amangopereka tikiti yaulere. Tikiti yaulere imalembedwa ngati mphoto ya K10, koma m'chitsanzochi phindu lake lenileni kwa wolandira ndi K5, ndipo mwa K5 imeneyo theka lili mu jakipoti yosafikirika ija.

Wina angaganize kuti izi ndi nkhambakamwa za pa pepala. Zinachitika, ndipo zinachitika poyera, m'dziko lomwe lili ndi malamulo okhwima a juga. Lotale ya dziko la Britain inayamba mu 1994, ikuyendetsedwa ndi kampani ya Camelot, ndipo inali ya manambala 6 mwa 49. Mu Okutobala 2015 kampaniyo inawonjezera manambala khumi, kufika pa 59. Mwayi wa jakipoti unachoka pa umodzi mwa 13,983,816 kufika pa umodzi mwa 45,057,474, kutanthauza kuti unavuta kuposa katatu. Nthawi yomweyo anayambitsa gawo latsopano: wolondola awiri ankapatsidwa tikiti yaulere. Chifukwa cha gawo limeneli, mwayi wopata kanthu kalikonse unaoneka kuti wakwera kuchoka pa umodzi mwa 54 kufika pa umodzi mwa 9 kapena pamenepo. Koma wowerenga masamuwo modekha anapeza kuti mwayi wopata ndalama zenizeni unatsika, kuchoka pa umodzi mwa 54 kufika pa umodzi mwa 92. Mwa opambana khumi aliwonse, asanu ndi anayi sankalandira ndalama, ankalandira tikiti ina.

Cholinga cha kusinthako chinaoneka posakhalitsa. Jakipoti ikavuta, imakhala masabata ambiri osagwa, ndipo ndalama zake zimawunjikana. Pofika Januwale 2016 inakwana mapaundi 66 miliyoni, yaikulu kuposa ina iliyonse m'mbiri ya masewerowo kufikira nthawiyo, ndipo anagawana eni matikiti awiri. Ku America, lotale ya Powerball inachitanso chimodzimodzi mwezi womwewo wa Okutobala 2015. Mwayi wa jakipoti unachoka pa umodzi mwa 175 miliyoni kufika pa umodzi mwa 292 miliyoni, pomwe mwayi wopata kanthu unakwera kuchoka pa umodzi mwa 32 kufika pa umodzi mwa 25. Patangopita miyezi itatu jakipoti yake inafika pa madola 1.586 biliyoni. Njira ndi imodzi: kukweza denga, kufutukula pansi, ndi kufinya pakati.

Si lotale iliyonse imene gawo lake lotsiriza limakhala lopanda pake, ndipo chilungamo chimafuna kuti zimenezi zinenedwe. Ku South Africa, komwe abale ambiri a kuno amagwira ntchito, lotale inasintha mu 2017 kuchoka pa manambala 49 kufika pa 52. Tikiti inali ya R5. Wolondola atatu ankalandira R50, ndipo wolondola awiri pamodzi ndi nambala ya bonasi ankalandira R20. Mphoto zimenezi zinali zoposa mtengo wa tikiti, choncho wopata anapatadi. Komabe ngakhale kumeneko, mwayi wolengezedwa wa umodzi mwa 38 unkachokera pafupifupi wonse ku magawo awiri otsirizawa: mwa opambana 100, okwana 93 anali a R50 kapena R20. Jakipoti inali pa umodzi mwa 20,358,520. Munthu womva kuti mmodzi mwa 38 amapambana, maso ali pa chithunzi cha cheke cha mamiliyoni, amalumikiza zinthu ziwiri zimene zilibe ubale.

Pali chinthu chachitatu chimene ogula ambiri sachidziwa, ndipo chimakhudza kwambiri anyamata okonda jakipoti za mpira. Mphoto zina ndi zokhazikika, monga K65 ija: aliyense wolondola amalandira ndalama yomweyo. Zina ndi zogawana: gawolo lapatsidwa mulu umodzi wa ndalama, ndipo opambana akachuluka aliyense amalandira zochepa. Pa 23 Malichi 2016 ku Britain kunatuluka manambala 7, 14, 21, 35, 41 ndi 42. Asanu mwa iwo ndi a m'ndondomeko ya 7, yomwe anthu ambiri amaikonda. Anthu 4,082 analondola manambala asanu, ndipo aliyense analandira mapaundi 15 okha, pomwe wolondola atatu analandira mapaundi 25 chifukwa mphoto yake inali yokhazikika. Wolondola zambiri analandira zochepa, ndipo palibe lamulo limene linaphwanyidwa.

Jakipoti ya mpira imayenda m'njira yomweyi. Pa masewero 13, aliwonse okhala ndi mathero atatu, kupambana kwa eni bwalo, kufanana mphamvu kapena kupambana kwa alendo, njira zonse zilipo 1,594,323. Wongolota mwachisawawa ali ndi njira imodzi yolondola onse, 26 zolondola 12, njira 312 zolondola 11, ndi 2,288 zolondola 10. Ngati mphoto zikuyambira pa 10, mwayi wake wopata kanthu ndi umodzi mwa 607. Masewero akakhala 17, njira zimakwera kufika pa 129,140,163. Wodziwa mpira amachita bwino kuposa wongolota, zimenezo n'zoona, chifukwa matimu si ofanana mphamvu. Koma sabata imene matimu amphamvu onse apambana, iye salondola yekha. Amalondola pamodzi ndi anthu zikwizikwi amene anaganiza ngati iye, ndipo ngati gawolo ndi logawana, mphoto imasungunuka. Sabata imene mphoto ndi yonona ndi imene zotsatira zadabwitsa aliyense, kuphatikizapo iyeyo. Mnyamata wa pa Chama amene walondola 11 n'kulandira ndalama yosakwana kugula botolo la mafuta ophikira sanaberedwe ndi makina. Anagula chinthu chimene sanauzidwe kapangidwe kake.

Oikira kumbuyo malondawa ali ndi mayankho, ndipo ena mwa iwo ndi omveka. Amati wogula tikiti sakusunga ndalama kubanki, akugula chiyembekezo ndi chisangalalo cha masiku angapo, ndipo munthu wamkulu ali ndi ufulu wogula zimenezo. Amatinso jakipoti yaikulu ndi imene anthu eni ake amafuna, chifukwa ikachepa malonda amatsika. Amawonjeza kuti boma limapeza misonkho, ndipo ogulitsa amapeza ntchito. Zonsezi zilandiridwe. Ndemanga ino sikupempha kuti lotale itsekedwe, ndiponso sikunena kuti mphoto zazing'ono ndi tchimo. Munthu angakonde masewero opata pafupipafupi tindalama tochepa, wina angakonde kuponya K10 yake pa loto limodzi lalikulu. Koma ufulu wosankha umayamba ndi kudziwa. Wogula chiyembekezo ayenera kuuzidwa mtengo wake, monga wogula shuga amaona kulemera kwake kutalembedwa pa paketi. Ngati malonda angagwe chifukwa choti anthu aona kagawidwe ka mphoto, ndiye kuti malondawo anaima pa kusadziwa kwa anthu.

Yankho lina ndi lakuti zonse zinalembedwa kale m'malamulo a masewero, aliyense akhoza kuwerenga. Koma malamulo olembedwa m'Chingerezi cha maloya, obisika kuseri kwa masamba angapo a pa intaneti, sathandiza munthu amene akugula pa kafoni ka mabatani, amene chilankhulo chake ndi Chisenga, Chitumbuka kapena Chinyanja. Kulemba chinthu pamalo pomwe wogula sangafike sikusiyana ndi kuyezera mpunga kuseri kwa galimoto.

Anthu a ku Chama ali nacho kale choyezera, chifukwa amadziwa chilimba. Anthu khumi akamasonkha K100 mwezi uliwonse, aliyense amadziwa kuti tsiku lake likafika adzatenga K1,000. Pa K100 iliyonse yolowa, K100 imabwerera, ndipo aliyense amapata kamodzi pa miyezi khumi. Palibe amene angalowe m'chilimba chomwe msungichuma wake amachotsa theka, n'kupereka theka la zotsalazo kwa munthu mmodzi wosadziwika kamodzi pa zaka 27. Lotale si chilimba, ndipo sinanenepo kuti ndi chilimba. Koma mafunso amene mayi wa pamsika amafunsa asanalowe m'chilimba ndi omwewo oyenera kufunsidwa pano: zolowa ndi zingati, zobwerera ndi zingati, zibwerera kwa yani, ndipo liti.

Malamulo akuluakulu a juga ku Zambia, monga Betting Control Act ndi Lotteries Act, analembedwa nthawi ya matikiti a pepala, foni ya m'manja isanabwere. M'zaka zaposachedwa mkangano waukulu pakati pa boma ndi makampani obetchetsa wakhala wa misonkho, makamaka mu 2025 pomwe boma linaika msonkho wa 10 peresenti pa ndalama zobetchera, makampani ena n'kupita kukhoti. Mkangano umenewo ndi wa momwe boma ndi makampani angagawanirane. Wogula tikiti, yemwe ndalama zonsezo zimachokera kwa iye, sanapatsidwe mpando. Komatu dziko lili ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, lomwe lamulo la mu 2010 linalipatsa mphamvu zothana ndi malonda osocheretsa ogula. Kulengeza kuti mmodzi mwa 7 amapambana, pomwe 88 mwa opambana 100 amangobwezeredwa ndalama yawo, ndi nkhani yoyenera kufika pa tebulo la bungweli.

Zofunika kuchita si zambiri, ndipo sizifuna ndalama za boma. Choyamba, aliyense wopatsidwa chiphaso choyendetsa lotale kapena jakipoti akakamizidwe kuonetsa ndandanda ya magawo onse wogula asanalipire. Pa gawo lililonse palembedwe zinthu zinayi: zoyenera kulondola, mwayi wake, mphoto yake ndi kunena ngati ndi yokhazikika kapena yogawana, komanso ndalama zimene gawolo limadya pa K100 iliyonse ya matikiti. Ndandanda yotere imakwana mu uthenga umodzi kapena iwiri ya pa foni.

Chachiwiri, mawu akuti kupambana asagwiritsidwe ntchito pa mphoto yofanana ndi mtengo wa tikiti kapena yochepera pamenepo, ndiponso pa tikiti yaulere. Wotsatsa akafuna kutchula mwayi wopata kanthu, atchulenso pambali pake, m'zilembo zofanana kukula, mwayi wopata ndalama yoposa imene munthu walipira.

Chachitatu, chiwerengero cha ndalama zobwerera kwa osewera chiperekedwe pawiri: chophatikiza jakipoti, ndi chopanda jakipoti. M'chitsanzo chija ziwerengerozo ndi K50 ndi K25. Chachiwiricho ndicho chili pafupi ndi zimene boma ngati la Chama limaona chaka ndi chaka.

Chachinayi, kusintha kulikonse kwa magawo, kaya kuwonjezera manambala kapena kuyambitsa gawo latsopano, kulengezedwe pamodzi ndi ndandanda yakale ndi yatsopano, kuti anthu aone okha kumene ndalama zachotsedwa ndi kumene zaikidwa.

Pamene Lusaka ikulingalira, Chama isakhale manja lende. Aphungu a m'boma la Chama angathe kufunsa nduna ya zachuma m'Nyumba ya Malamulo kuti makampani okhala ndi ziphaso amabweza zingati pa gawo lililonse. Khonsolo ya Chama, yomwe imapereka ziphaso za malonda m'bomali, ingapemphe malo obetcherako kuti amate ndandanda ya magawo pakhoma. Aphunzitsi a masamu ali ndi phunziro lokonzeka kale: manambala 6 mwa 49, magawo anayi, kenaka gawo lachisanu, ndipo ophunzira apeze okha kuti K18.5 miliyoni ija yachokera kuti. Mafumu, a mipingo ndi atsogoleri a magulu a alimi, amene amakumana ndi anthu nthawi yogulitsa mbewu pomwe ndalama zili m'manja, angaphunzitse mafunso atatu oyenera kufunsa wogulitsa tikiti: mphoto yotsiriza ndi ndalama zingati poyerekeza ndi mtengo wa tikiti, jakipoti ikudya zingati pa K100, ndipo mphoto za pakati ndi zokhazikika kapena zogawana.

Wogulitsa amene angayankhe mafunso atatuwa mosazengereza apitirize malonda ake, ndipo wogula asankhe yekha. Amene sangayankhe, kapena amene angoloza chithunzi cha wopambana wa chaka chatha, dzina la kampani yake lilembedwe ndi kutumizidwa ku bungwe loteteza ogula, pamodzi ndi tsiku ndi mawu enieni a chikwangwani chake.